Kanema wopemphera chipatala cha kumudzi thandizo: pempho lomveka ndi ulemu wa odwala ku Katete, Sinda ndi Vubwi

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, anthu ambiri amayamba kufuna chithandizo pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, ndipo matenda akakula m'pamene amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga St Francis ku Katete, chimene chinakhazikitsidwa ndi mpingo wa Anglikani m'chaka cha 1948, kapena Nyanje ku Sinda, cha mpingo wa Reformed Church in Zambia. Maboma a Sinda ndi Vubwi ndi atsopano, pakuti anakhazikitsidwa m'chaka cha 2012, Sinda atadulidwa ku Katete ndi Petauke, Vubwi atadulidwa ku Chadiza. Boma la Zambia linachotsa malipiro m'zipatala za kumidzi m'chaka cha 2006, zimene zinathandiza osauka, koma zinatanthauzanso kuti chipatala chaching'ono sichipeza ndalama pakhomo pake, ndipo denga likadontha kapena magetsi akasowa chimadikira thandizo la boma, la mpingo kapena la anthu akufuna kwabwino. Masiku ano makomiti a zaumoyo a m'midzi ali ndi chida chimene kale chinali cha mabungwe akuluakulu okha, ndicho foni yojambula kanema. Funso lake n'lakuti kanema wotero angapangidwe bwanji kuti apeze ndalama popanda kuchotsa ulemu wa anthu amene abwera kudzalandira chithandizo.

Ambiri amaona ngati apa pali zinthu ziwiri zokokanakokana, pempho lamphamvu mbali ino, ulemu wa odwala mbali inayo, koma kwenikweni ndi ntchito imodzi. Komiti imene sinagwirizane chenicheni chimene ikupempha imatsala ndi mawu akuti chipatala chikuvutika, ndipo poti mawuwo sajambulika, wojambula amalowa m'chipinda cha odwala kukafuna nkhope yosonyeza mavuto: mwana wowonda, mayi wobuula, nkhalamba yogona pansi. Koma komiti ikanena kuti ikufuna magetsi a dzuwa a m'chipinda chochiriramo amayi, chojambula chimakhala chipindacho, mdima wake ndi mzamba amene amagwiramo ntchito, ndipo thupi la wodwala silifunikanso kukhala umboni. Kanema wonyozetsa odwala kawirikawiri amayambira pa pempho losalongosoka, osati pa nkhanza za wojambula.

Mkangano wa zithunzi za anthu ovutika ndi wakale. M'mwezi wa Okutobala 1984 wailesi ya kanema ya BBC inaonetsa njala ya ku Korem m'dziko la Ethiopia, ndipo zithunzizo zinadzetsa ndalama zochuluka kudzera m'zoimbaimba za Live Aid m'chaka cha 1985, komanso zinakhomereza m'mitu ya anthu akunja chithunzi cha Afirika wongotambasula dzanja. M'chaka cha 2007 akatswiri Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti anthu amapereka zambiri akamva za munthu mmodzi wodziwika dzina kusiyana ndi pamene auzidwa ziwerengero za anthu mamiliyoni. Ena amatenga zimenezi ngati chilolezo chojambula wodwala wovutikitsitsa. Kumeneko n'kupitirira pa zimene kafukufukuyo ananena, chifukwa chimene chimakoka mtima ndi munthu mmodzi wooneka ndi womveka, ndipo munthuyo angathe kukhala mzamba wofotokoza ntchito yake kapena mayi amene anachira kale, wayimirira pakhomo pake atavala bwino. Mabungwe akuluakulu nawonso anaphunzira movutikira. Bungwe la Save the Children linafalitsa m'chaka cha 2017 kafukufuku wofunsa anthu amene anajambulidwapo maganizo awo, ndipo chimodzi mwa zimene zinatuluka n'chakuti ojambulidwa amafuna kulankhula okha ndi kuona zimene zinajambulidwazo. M'chaka cha 2022 bungwe la madokotala la MSF linachotsa pa intaneti zithunzi za mtsikana wa zaka 16 wa ku Congo amene anagwiriridwa, n'kuvomereza kuti kuzifalitsa kunali kulakwa, ngakhale kuti mtsikanayo anali atavomera kujambulidwa.

Ku Katete kapena ku Vubwi nkhaniyi ndi yolemera kuposa mmene inalili m'zaka za m'ma 1980, chifukwa nthawi imeneyo chithunzi chinkapita kutali osabweranso, pamene lero kanema wotumizidwa pa WhatsApp kwa ana a m'mudzi okhala ku Lusaka, ku Kitwe kapena ku Joni amabwerera kumudzi tsiku lomwelo. Amene adzaonere ndi apongozi a wojambulidwayo, anzake a kumpingo ndi ana a sukulu anzake a mwana wake. Vubwi ali m'malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo chinenero n'chimodzi, kotero kanemayo amadutsanso malire mosavuta. Wopanga kanema ayenera kuganiza za owonera awiri nthawi imodzi: wopereka ndalama ali kutali, ndi mnansi amene amadziwa wodwalayo ngakhale atamuona chakumbuyo.

Pempho lomveka limayankha mafunso ochepa mosazungulira: chikufunika n'chiyani, mtengo wake ndi wotani, ndalama zitumizidwe kuti, tsiku lomaliza ndi liti, ndipo wosunga ndalamazo ndi ndani. Chitsanzo chongoyerekeza, chimene mitengo yake si ya pamsika koma yongothandiza kuona kawerengedwe, chingaonetse mmene zimakhalira. Chipatala china chaching'ono chilibe kuwala kodalirika usiku m'chipinda chochiriramo amayi ndi m'chidikiro, ndiyo nyumba imene amayi apakati ochokera kutali amagonamo masiku awo akayandikira. Vuto lotere si lachilendo ngakhale kumene mawaya a ZESCO anafika, makamaka chichitikireni chilala cha 2024 chimene chinachepetsa kwambiri madzi a ku Kariba n'kuchititsa kuti magetsi azizima maola ambiri pa tsiku. Komiti isanatchule mtengo iwerenge kaye: mababu 8 a mawati 10 lililonse, oyaka maola 12, amadya mawati-ola 960 usiku umodzi, ndipo chiwerengero chimenechi n'chimene mmisiri amagwiritsa ntchito posankha kukula kwa batire ndi mapanelo. Komiti ifunse mitengo yolembedwa kwa ogulitsa atatu, ndipo m'mtengomo mukhale ndalama za mayendedwe ndi za mmisiri womanga, chifukwa izi n'zimene zimaiwalika n'kuchititsa kuti zipangizo zigulidwe koma zikhale m'makatoni miyezi yambiri. Tinene kuti zonse zakwana K36,000, ndipo midzi yozungulira yasonkha kale K6,000 pogulitsa chimanga ndi nshawa. Zotsala ndi K30,000, zimene ndi anthu 150 opereka K200 aliyense.

Kugawa ndalama motero n'kofunika kwambiri, chifukwa munthu wolandira malipiro a pamwezi ku Chipata sangaganize zopereka K30,000 koma K200 angaiganize. Kutchula zimene midzi yasonkha kale nakonso kumasintha nkhani yonse: anthu a kumaloko amaoneka ngati eni ntchito amene ayamba okha ndipo akufuna owathandiza kumaliza. Mawu a pempho, olankhulidwa ndi wapampando wa komiti atayang'ana foni, angamveke motere: "Abale athu, tikufuna K30,000 yogulira magetsi a dzuwa a m'chipinda chochiriramo amayi, ndipo ife eni ake tasonkha kale K6,000. Anthu 150 atapereka K200 aliyense, magetsi ayaka mvula isanagwe. Tumizani pa nambala ili m'munsiyi pasanafike pa 31 Okutobala, ndipo Lachisanu lililonse tidzalengeza zimene zalowa." Pempho likhale limodzi. Komiti ikawonjezerapo mjigo, njinga ya ambulansi ndi nyumba ya namwino, owonera sadziwa kuti K200 yawo ipita pati, ndipo ambiri amangoti adzaona.

Pali funso limene wowonera wa ku Zambia amafunsa msanga, ndipo n'loyenera: nanga ndalama za chitukuko cha m'dera, zotchedwa CDF, zili kuti? Ndalamazi zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu m'chaka cha 2022, ndipo pempho la ntchito limadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi. Kanema wabwino amayankha funsoli m'chiganizo chimodzi choona, kaya pempho linaperekedwa ndipo likudikira, kaya ntchitoyo ndi yaing'ono yosayenera kudikira chaka china. Kanema amene amasanduka mlandu wotsutsa boma amaika namwino wa pamalopo pamoto, pakuti iye ndi wantchito wa boma. N'chifukwa chake chilolezo cholembedwa chochokera ku ofesi ya zaumoyo ya boma laling'ono, kapena kwa oyang'anira chipatala cha mishoni, chiyenera kupezeka foni isanatulutsidwe m'thumba, ndipo pamenepo m'pamene amagwirizananso za kasungidwe ka ndalama. Nambala ya Airtel Money kapena MTN imene ili m'dzina la munthu mmodzi imabala manong'onong'o ngakhale munthuyo ali wokhulupirika. Ndi bwino kugwiritsa ntchito akaunti ya komiti kapena ya mpingo yokhala ndi osayina awiri kapena atatu, ndipo kanemayo anene dzina limene lidzaoneke pa foni munthu asanatsimikize kutumiza, kuti akuba asasinthe nambala n'kufalitsa kanema yemweyo.

Mbali yovuta kwambiri ndi chilolezo cha wojambulidwa. Lamulo la Zambia loteteza zinsinsi za anthu la 2021 limaika nkhani za thanzi la munthu m'gulu la zinsinsi zofuna chitetezo chapadera, koma vuto lenileni silithera pa pepala losayinidwa. Mayi amene wagona pabedi, namwino womusamalira n'kumufunsa ngati angajambulidwe, sangakane, chifukwa mumtima akuopa kuti akakana mankhwala sadzaperekedwa bwino, ndiponso mwambo wa ulemu umapangitsa kuti munthu ayankhe kuti "palibe vuto" kwa womuposa udindo ngakhale mtima ukukana. Choncho wopempha chilolezo asakhale wochiritsa, malo ake asakhale m'chipinda cha odwala, ndipo tsiku lake lisakhale lojambula. Munthu wa m'komiti, makamaka mayi mnzake ngati wojambulidwa ndi mayi, apite kunyumba, akhale pansi, afotokoze momveka: "Amayi, kanemayu adzaonedwa ndi anthu a m'mudzi muno, a ku Lusaka ndi akunja. Akangotumizidwa sitingathe kumubweza m'mafoni a anthu. Mukakana palibe chimene chidzasinthe kuchipatala, ndipo anesi sadzadziwa n'komwe kuti munakana." Ndi bwino kumuonetsa pa foni kanema wina wofanana, kuti aone chimene akuvomera, kenako kumusiya agone nazo.

Chilolezo cha mfumu n'chofunika, ndipo m'dziko la Kalonga Gawa Undi palibe munthu wanzeru amene angajambule m'mudzi osayamba wadzera kwa anyakwawa, koma chilolezo chimenecho ndi cha kulowa m'mudzi, osati cha nkhope ya munthu. N'chimodzimodzi ndi amuna ake a mayiyo kapena atsibweni amene ndi eni mbumba: mayi angafune kukambirana nawo, ndipo apatsidwe nthawi yotero chifukwa iye ndi amene adzakhale nawo kanemayo atatuluka, koma iwo sangavomere m'malo mwake. Nkhani ya malipiro nayo imafuna kusamala. Kubwezera munthu ndalama ya ulendo kapena chakudya cha tsikulo n'koyenera, koma kulonjeza ndalama yaikulu m'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, n'kugula chilolezo kwa munthu amene sangathe kukana. Wojambulidwa auzidwenso poyera kuti ndalama zosonkhedwa sizidzabwera kwa iye, chifukwa anansi akaona nkhope yake pa kanema wopempha ndalama amaganiza kuti walemera, ndipo chidani chimayambira pomwepo.

Pali anthu ena amene sayenera kujambulidwa ngakhale atavomera. Mayi amene ali pa matenda a kubereka, munthu wokomoka kapena wosokonezeka maganizo, wogwiriridwa, ndi mtsikana wosakwana zaka 18 amene ali ndi pakati, onsewa chilolezo chawo sichingateteze tsogolo lawo, ndipo nkhani ya MSF ija inaonetsa zimenezi. Mwana amafuna chilolezo cha kholo, komanso iye mwini ngati wafika pomvetsa, ndipo asajambulidwe ali wamaliseche kapena pa sikelo atavulidwa zovala. Khanda limene likadali m'chikuta, mchombo usanagwe, mabanja ambiri salionetsa kwa anthu akunja, ndipo amayi ambiri apakati safuna kuti masiku awo adziwike. Wojambula amene akunyalanyaza zimenezi adzapeza kuti amayi ayamba kuzemba chidikiro, chimene ndi chiwonongeko chachikulu kuposa phindu la magetsiwo.

Zolakwa zambiri zimachitika kumbuyo kwa munthu wolankhula. Patebulo la namwino pamakhala kaundula wotsegula wokhala ndi mayina, makadi a sikelo, mabotolo a mankhwala olembedwa dzina, ndipo foni ya masiku ano imajambula bwino moti munthu angaimitse kanema n'kuwerenga. Pa benchi la panja pamakhala anthu odikira, ndipo ngati tsikulo ndi lolandira ma ARV, kungoonekera pa mzerewo n'kuulula chinsinsi chimene munthu wasunga zaka zambiri. Kuphimba nkhope ndi chifunga cha pa kompyuta sikuthandiza kumudzi, chifukwa munthu amadziwika ndi chitenje chake, mayendedwe ake, mawu ake ndi njinga yotsamira pamtengo. Njira yodalirika ndi kujambula madzulo kapena tsiku limene kulibe mzere, matebulo atachotsedwa mapepala, ndipo pomaliza namwino wamkulu aonere kanemayo pang'onopang'ono akuyang'ana m'mbali ndi kumbuyo mokha.

Pa chitsanzo cha magetsi chija, kanema wa mphindi imodzi ndi theka akwanira. Masekondi oyamba aonetse chipinda chochiriramo dzuwa litalowa, bedi lopanda munthu, mzamba atanyamula tochi mmene amachitira masiku onse, akufotokoza ndi mawu ake chimene chimavuta, monga kusoka bala kapena kuona kuchuluka kwa magazi amene mayi wataya pamene dzanja limodzi lagwira nyali. Ndalama zofunika zitchulidwe msanga, m'masekondi 20 oyamba, chifukwa ambiri safika kumapeto. Pakati alankhule mayi amene anachirira pamalopo miyezi ingapo yapitayo, ali kwawo, pamalo amene wasankha yekha, foni ili pa msinkhu wa maso ake osati pamwamba pomuyang'anira pansi. Afunsidwe mafunso otseguka, monga chimene akukumbukira ndi chimene akufunira amayi anzake, osati kumuloweza mawu, ndipo akayamba kulira foni izimitsidwe. Pambuyo pake aoneke a gulu la SMAG, anthu odzipereka amene amalimbikitsa amayi kukachirira kuchipatala, kapena anthu akuthira chimanga chosonkha m'matumba, ndipo wapampando amalize ndi pempho, nambala ili pa kanema masekondi okwanira kuti munthu ailembe. Mdima usawonjezeredwe, ndipo zimene sizichitika zisaseweredwe ngati sewero, chifukwa anthu a kumaloko adzazindikira bodzalo ndipo lidzagwera komiti.

Pa luso la kujambula, mawu ndi amene amapha makanema ambiri kuposa chithunzi. Denga la malata limalira dzuwa likatentha ndipo mvula ikagwa limameza mawu onse, pamene mphepo ya mu Julayi ndi Ogasiti imawomba pa maikolofoni ngati mkuntho. Foni ikhale pafupi ndi wolankhula, pa mtunda wosapitirira mita imodzi ngati palibe kamaikolofoni kokoleka pa kolala, ndipo wojambula amvetsere ndi zomvera m'makutu asanachoke pamalopo. Wolankhula ayang'ane kumene kukuchokera kuwala, zenera lisakhale kumbuyo kwake, apo ayi nkhope imada bii. Anthu alankhule Chichewa kapena Chinsenga chawo, ndipo mawu a Chingelezi olembedwa m'munsi amasulire zimene zanenedwadi. Kusandutsa mawu akuti "zinali zovuta" kukhala "ndinatsala pang'ono kufa" n'kunamizira munthu. Kanemayo achepetsedwe kulemera kuti asadye bandulo ya owonera, ndipo pempho lomwelo lingawerengedwenso pa wailesi monga Mphangwe ya ku Katete kapena Breeze FM ya ku Chipata kuti lifike kwa amene alibe foni za intaneti.

Kanema asanatuluke, aliyense wooneka m'menemo amuone ali payekha, ndipo akhale ndi ufulu wochotsa mbali yake popanda kufunsidwa chifukwa. Apa m'pamene wojambula amadziwa ngati chilolezo chinali chenicheni: munthu amene anavomera ndi mtima wonse amafunsa tsiku lotulutsa, pamene wovomera mwamantha amakhala chete kapena kupempha kuti anthu ena ake asaonetsedwe, ndipo pempho lotero ndi kukana. Zidutswa zosagwiritsidwa ntchito zifufutidwe m'mafoni onse amene anajambula, ndipo komiti ilembe kuti kanemayo ndi wa ntchito imeneyi yokha, kuti asadzatengedwe patapita zaka kukapemphera zinthu zina.

Komiti inene kuyambira pachiyambi chimene idzachite ndalama zikapitirira kapena zikaperewera. Zikafika K20,000 yokha pa tsiku lomaliza, ingayambe ndi chipinda chochiriramo n'kusiya chidikiro, koma mmisiri afunsidwe kale ngati zipangizozo zingadzakulitsidwe. Zikapitirira, zotsala zisungidwire batire, limene limatha patapita zaka ndipo ndi limene limazimitsa magetsi a dzuwa m'zipatala zambiri. Ntchito ikatha pajambulidwe kanema wachiwiri wa masekondi 40, woonetsa chipinda chomwe chija magetsi akuyaka, msungichuma akuwerenga zolowa ndi zotuluka, ndipo malisiti akhomedwe pa bolodi la chipatala ndi kutumizidwa m'magulu onse a WhatsApp amene kanema woyamba anadutsamo, mayina a opereka atabisidwa pokhapokha iwo eni atalola.